ZA MALONDA: Webusaiti ya masamba khumi, mtengo wake ndi masiku ake

WAMALONDA amene afuna kumanga sitolo amadziwa kuti mtengo wa njerwa ndi malata sindiwo mtengo wonse wa nyumbayo. Koma munthu yemweyo akalandira kotesheni ya webusaiti ya kampani yake, kawirikawiri amayang'ana nambala imodzi yokha imene iri pansi pa pepala, nasaina. Pakapita caka cimodzi, makalata ofuna ndalama amayamba kufika, ena mwa iwo m'madola, ndipo pamenepo ndi pamene mkangano ndi mmisiri umabuka.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, pano pali citsanzo ca kampani yogulitsa mbeu, feteleza, mankhwala a m'munda ndi makasu, yokhala ndi likulu ku Chipata ndi nthambi ku Katete ndi ku Petauke. Mwini wake afuna webusaiti ya masamba khumi, ndipo afuna kuti ikhale yokonzeka pofika pa 1 Okutobala, pamene alimi ayamba kufunafuna mbeu mvula isanagwe. Mitengo ya amisiri imasiyana kwambiri, cotero ndalama zochulidwa m'citsanzo ici ndi zowerengera cabe: ola limodzi la mmisiri laikidwa pa K200, ndipo dola imodzi yaikidwa pa K25. Wowerenga angathe kucotsa manambala awa ndi kuikapo amene wapatsidwa, njira yowerengera ikhalabe yomweyo.

Colakwa coyamba ndico kuganiza kuti masamba khumi ndi zidutswa khumi zofanana, monga matumba khumi a simenti. Tsamba loyamba, limene munthu amafikirapo, ndilo lolemera kuposa onse, pakuti pa ilo ndi pamene mmisiri amasankha mitundu, zilembo, malo a cizindikiro ca kampani, ndi mndandanda wotsogolera ku masamba ena. Zonsezi zikakhazikika, masamba otsalawo amangotengera. M'citsanzo ici tsamba loyamba pamodzi ndi maonekedwe onse litenga maola 14. Masamba anai a katundu, ndiwo la mbeu, la feteleza, la mankhwala ndi la zipangizo, ndi amapasa: loyamba litenga maola 6, ndipo atatu enawo maola awiri liri lonse, pamodzi maola 12. Masamba asanu otsala, ndiwo mbiri ya kampani, nthambi zake ndi mapu, mafunso amene alimi amafunsa kawirikawiri, zidziwitso zatsopano, ndi tsamba lolemberapo uthenga ku kampani, atenga maola 16. Mwa asanuwa lobvuta ndi lotsirizalo, cifukwa uthenga uyenera kuyesedwa kuti ukufikadi kwa munthu woyenera, ndiponso payenera kukhala cochinga mauthenga acabecabe amene makina amatumiza usiku ndi usana.

Pamenepa maola afika 42, ndipo masamba onse khumi aimirira. Koma nchito siinathe. Kukambirana ndi mwini kampani ndi kulemba zimene agwirizana kumadya maola 4. Kukonza seva, ndiyo kompyuta imene imasunga webusaitiyo, kuikapo pulogalamu ya WordPress ndi kulumikiza dzina la kampani, maola 4 enanso. Kuyesa masamba pa mafoni osiyanasiyana ndi kucepetsa zithunzi, maola 8. Kukonza zimene mwini kampani sanakondwere nazo, maulendo awiri, maola 8. Kuphunzitsa kalaliki wa kampani m'mene angasinthire mitengo ndi kumpatsa makiyi onse, maola 4. Izi ndi maola 28, ndipo onse pamodzi akwana 70. Ndiye kuti pa maola asanu ali onse, awiri apita ku nchito imene mwini kampani saiona ndi maso. Pa K200 ola limodzi, mmisiri ayenera kulandira K14,000.

Kotesheni yotsika kwambiri kawirikawiri imatsika cifukwa cakuti maola 28 aja acotsedwamo. Cizindikiro cake cimaoneka msanga. Cithunzi cojambulidwa ndi foni ya masiku ano cingathe kulemera mamegabaiti anai, ndipo zikaikidwa khumi pa tsamba limodzi osazicepetsa, mlimi wa ku Vubwi ayenera kutaya mamegabaiti 40 a bandulo yake kuti aone mtengo wa thumba la mbeu. Sadzadikira. Cithunzi comweco cikacepetsedwa kufika pa makilobaiti 200 cimaonekabe bwino pa foni. Cotero mwini kampani asanalipire ndalama zotsiriza, ayenera kutsegula webusaitiyo pa foni wamba, kutali ndi intaneti ya mu ofesi, ndi kuona ngati tsamba likubwera munthu asanatope.

Mau ndi zithunzi

Pali cinthu cina cimene kotesheni zambiri sizichula konse: ndani adzalemba mau? Mmisiri amadziwa kumanga tsamba, koma sadziwa kusiyana kwa mbeu ya cimanga yoca msanga ndi yocedwa, kapena nthawi imene nthambi ya ku Katete imatseka pa Ciweru. Masamba khumi a mau 300 liri lonse ndi mau 3,000, ndipo munthu wina ayenera kukhala pansi ndi kuwalemba. Ngati kampani ilemba nchito mlembi, citsanzo ici cimuikira K2,500, ndipo wojambula zithunzi wa tsiku limodzi, woyenda m'masitolo atatu aja, K2,000. Kutenga zithunzi za eni ake pa intaneti popanda cilolezo kungabweretse mlandu, ndiponso mlimi amazindikira msanga kuti munda umene uli pa cithunzi si wa kuno. Kampani imene ifuna masamba ake m'Cinyanja ndi m'Cingerezi idziwe kuti yapempha masamba 20, osati khumi.

Motero kumanga konse kwafika pa K18,500. Pamwamba pa izi ndi canzeru kusunga pambali ndalama zina zokwana K15 pa K100 iri yonse, pafupifupi K2,800, kaamba ka zofuna zimene zimabadwa nchito iri m'kati. Funso lina lofunsa pepala lisanasainidwe ndi la msonkho wa VAT, umene m'Zambia ndi K16 pa K100 iri yonse. Ngati mmisiri ndi wolembetsedwa pa msonkhowu ndipo sanauphatikize, K14,000 ija isanduka K16,240.

Tsono za masiku. Maola 70 ndi masiku asanu ndi anai a nchito, ndipo ici ndi cimene cimacititsa amisiri ena kulonjeza kuti zonse zidzatha m'milungu iwiri. Sanena bodza leni leni, koma awerenga nthawi yao yokha, naiwala nthawi yodikira. Mlungu woyamba umathera pa kukambirana, kusaina pangano ndi kulipira gawo loyamba. Milungu itatu yotsatira ndi ya kulemba mau ndi kujambula zithunzi, pamene mmisiri akukonza maonekedwe ndi tsamba loyamba. Mlungu wacisanu ndi wacisanu ndi cimodzi ndi yomanga masamba otsala, wacisanu ndi ciwiri ndi wa mwini kampani kuwerenga ndi kuuza zokonza, ndipo wacisanu ndi citatu ndi wa kuyesa ndi kutsegulira anthu. Ngakhale tsiku lotsegulalo liri ndi kacedwedwe kake, pakuti dzina likalozetsedwa ku seva yatsopano pangapite tsiku limodzi kapena awiri makompyuta onse asanadziwe za kusinthako.

Pa milungu isanu ndi itatu imeneyi, imene imatalika kawirikawiri ndi itatu ya mau ija. Mwini kampani amalonjeza kuti adzalemba yekha madzulo, koma masana ali pa sitolo, madzulo akuwerenga ndalama, ndipo mwezi umatha tsamba la mbiri ya kampani liri ndi mutu wokha. Mmisiri naye sangakhale manja lende, amatenga nchito ya munthu wina, ndipo mau akafika mocedwa kampaniyo imapezeka iri kumbuyo kwa mzere. Bvuto lina ndi la akulu ambiri. Ngati mwini kampani abvomereza mtundu wobiriwira Lolemba, mkazi wake amene ali ndi gawo m'kampani afuna wofiira Lacitatu, ndipo mwana wao wa ku Lusaka atumiza maganizo ena Lacisanu, maulendo awiri okonza aja amatha pa mitundu yokha. Pangano labwino limachula munthu mmodzi wobvomereza, ndi masiku amene iye ayenera kuyankha, monga asanu. Amene anagwira nchito yotere mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, adziwanso kuti mlungu wa nchito ungasanduke iwiri popanda wolakwa.

Cifukwa ca zonsezi milungu iwiri yapadera iyenera kuonjezedwa, kuti ikwane khumi. Milungu khumi ndi masiku 70, ndipo kuwerenga cobwerera m'mbuyo kucokera pa 1 Okutobala kumafika pa 23 Julaye. Wamalonda amene akumbukira za webusaiti pakati pa Sepitembala wacedwa kale pa nyengo imeneyo. Ndiponso Google saonetsa webusaiti yatsopano tsiku lomwe yatsegulidwa. Pamapita masiku, nthawi zina milungu.

Za caka ndi caka

Apa ndi pamene pagona nkhani. Webusaiti sigulidwa kamodzi monga sikelo ya pa sitolo. Zambiri za m'kati mwake ndi za lendi.

Coyamba ndi dzina, limene amisiri amalicha domeni. Dzina lothera ndi .com limabwerekedwa caka ndi caka. Kampani ya ku Amereka ya Verisign, imene imasunga kaundula wa maina amenewa, inakweza mtengo wake wa pikulitsa kufika pa madola 10.26 mu Sepitembala 2024, ndipo ogulitsa amaonjezapo phindu lao. Citsanzo ici ciikapo madola 15, ndiwo K375. Maina othera ndi .zm, monga .co.zm, ali m'manja mwa bungwe la ZICTA ndipo amagulidwa kupyolera mwa ogulitsa obvomerezedwa ndi bungwelo. Ndalama ya dzina ndi yocepa kuposa zonse, koma ndiyo imene ingagwetse zonse, monga zidzaonekera pansipa.

Caciwiri ndi lendi ya malo pa seva, imene imachedwa hositing'i. Makampani ambiri ogulitsa malowa amalengeza mtengo wonyengerera wa nthawi yoyamba, ndipo mtengo weniweni amaulemba m'zilembo zazing'ono. M'citsanzo ici caka coyamba ndi madola atatu pa mwezi, K900 pa caka, koma caka caciwiri ndi madola khumi pa mwezi, ndiye K3,000. Mtengo wofunsa ndi wa caka caciwiri, ndipo wogulitsa woona mtima sabvutika kuunena.

Cacitatu ndico cimene cimadabwitsa ambiri. Kampani ikakhala ndi dzina lake, imafunanso makeyala a imelo othera ndi dzinalo, ndipo awa amalipiridwa pa munthu ali yense mwezi ndi mwezi. Mu 2025 Google inaika mtengo wa gawo lake lotsika la Google Workspace pa madola 7 munthu mmodzi pa mwezi kwa olipira pangano la caka. Anthu atatu, mmodzi pa nthambi iri yonse, ndi madola 252 pa caka, ndiwo K6,300, kuposa kawiri lendi ya seva. Imelo yobwera pamodzi ndi hositing'i njaulere, koma malo ake amadzala msanga ndipo makalata ake nthawi zina amagwera m'bokosi la zinyalala kwa wolandira.

Cacinai ndi ziphaso za mapulogalamu. WordPress yokha, imene inayamba mu 2003, siigulidwa. Koma amisiri ambiri amamanga ndi maonekedwe ogula ndi timapulogalamu toonjezera, tochedwa mapulagini, timene ciphaso cake cimatha pa caka. Citsanzo ici ciikapo madola 100, ndiwo K2,500. Nthawi zina mmisiri amagwiritsa nchito ciphaso cake ca iye mwini pa makasitomala ake onse, ndipo tsiku limene asiyana ndi kampani, ciphasoco cimapita naye. Webusaiti siizima pomwepo ai. Imangoleka kulandira zokonza, ndipo bvuto limadzaoneka patapita miyezi.

Cacisanu ndi kusamala. Mapulogalamu amenewa amaturutsa zokonza kawirikawiri, zina mwa izo zotseka mipata imene mbala za pa intaneti zimalowerapo. Cinenero ca PHP, cimene WordPress imayenderapo, naconso cimakalamba: mtundu wa 7.4 unaleka kusamalidwa mu Novembala 2022, ndipo mawebusaiti amene anasiyidwa osawakhudza anayamba kuonetsa zolakwa pamene eni maseva anasamukira ku mitundu yatsopano. Munthu wina ayenera kuika zokonzazo, kusunga kope la webusaiti pamalo ena osakhala seva yomweyo, ndi kuyesa ngati tsamba la mauthenga likugwirabe nchito. Maola awiri pa mwezi ndi K4,800 pa caka. Webusaiti yolowedwa ndi mbala imadziwika ndi masamba acilendo otsatsa njuga kapena mankhwala amene amaoneka pa Google pansi pa dzina la kampani, ndipo kuiyeretsa kungadye ndalama zoposa za kusamala kwa caka cathunthu.

Pali cinthu cimodzi cimene kampani yotere siiyenera kulipira. Satifiketi ya citetezo, imene imacititsa keyala kuyamba ndi https, imaperekedwa ulere ndi bungwe la Let's Encrypt kuyambira mu 2015. Njofunika ndithu, popeza kuyambira mu Julaye 2018 pulogalamu ya Chrome imalemba mau akuti "Not secure" pa webusaiti yopanda satifiketiyi. Imatha mphamvu pa miyezi itatu kapena kuceperapo, koma seva yokonzedwa bwino imaitenganso yokha. Mzere wa satifiketi ukaoneka pa inivoisi ya webusaiti imene siilandira malipiro, mwini kampani ali ndi ufulu wofunsa cifukwa cake.

Kuphatikiza zisanu zija, caka cokhazikika cidya K16,975, ndipo caka coyamba, ca lendi yonyengerera ija, K14,875. Pa zaka zitatu, kumanga kwa K18,500 pamodzi ndi zaka zitatuzo kukwana K67,325. Ndalama imene wamalonda anakangana nayo ndi mmisiri tsiku loyamba, nafuna kuti acotseko K1,000, ingopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anai a ndalama zonse.

Ndipo pa K16,975 imeneyo, madola 487 ndi olipira m'ndalama zakunja. Mu 2022 panali nthawi imene dola inali pafupifupi K16, ndipo kumayambiriro kwa 2025 inapitirira K28, Kwacha isanayambenso kulimba. Madola 487 omwewo ndi K7,792 pa mtengo woyambawo ndi K13,636 pa waciwiriwo, webusaiti iri yomweyo. Mabanki nawo amaonjeza kangacepe pa malipiro akunja a pa khadi. Cotero ndi bwino kulemba mizere imeneyi m'madola m'buku la kampani, ndi kuisandutsa m'Kwacha pa mtengo wa mwezi wolipira.

Ndalamazi zingathe kutsika ngati kusankha kwacitika nchito isanayambe. Kampani ya m'citsanzo ikalipira bokosi limodzi la imelo, ndi kulozetsa makeyala a nthambi zinazo ku bokosi lomwelo, K6,300 itsika kufika pa K2,100. Ikauza mmisiri kuti amange ndi maonekedwe ndi mapulagini aulere okha, K2,500 icoka, ndipo caka cidya K10,275. Njira ina ndiyo kumanga masamba wamba a HTML opanda WordPress, amene safuna kusamala kweni kweni. Imeneyi iyenera ofesi ya loya kapena ya woyeza malo, kumene mau sasintha kwa zaka. Kwa wogulitsa mbeu, amene mitengo yake imasintha nyengo iri m'kati, njirayi siikoma, cifukwa kusintha nambala imodzi kudzafuna kuitana mmisiri. Mzere umene suyenera kudulidwa ndi wa kusamala, ngakhale kuti ndiwo umene ambiri amathamangira kudula popeza palibe kalata yoopseza imene imabwera ukalekedwa.

Dzina liri m'manja mwa yani?

Dzina lija la K375 libwereranso pano. Amisiri ambiri, pofuna kufulumiza nchito, amalembetsa dzina la kampani m'akaunti yao ndi imelo yao. Sacita ici ndi mtima woipa nthawi zonse. Koma malamulo a bungwe la ICANN amati wogulitsa dzina la .com atumize cenjezo pafupifupi mwezi umodzi dzina lisanathe, linanso patatsala mlungu umodzi, ndipo macenjezowo amapita ku imelo imene inalembetsedwa. Ngati mmisiri anasamukira ku Kitwe nasintha nambala, palibe amene amawaona. Tsiku likakwana webusaiti imazima, ndipo imelo yonse ya kampani imazima nayo pamodzi, makalata a ogula ndi a ogulitsa feteleza nabwerera kwa eni ake.

Dzina lotha silitayika tsiku lomwelo. Ogulitsa ambiri amapereka masiku angapo olipira pa mtengo wa masiku onse. Likafafanizidwa, pamakhala masiku 30 oliombola, koma pa mtengo woposa wa caka kangapo konse. Pambuyo pake pamapita masiku asanu, kenaka liri pa msika, ndipo ali yense angaligule, pamene dzinalo lalembedwa kale pa zikwangwani, pa malisiti ndi pa galimoto ya kampani.

Tsiku lothera dzina la .com si cinsinsi. Munthu angalembe dzinalo pa lookup.icann.org, kapena mmisiri angalembe lamulo ili pa kompyuta, kuika dzina la kampani m'malo mwa example.com:

```
whois example.com
```

Pa zoturuka za lamuloli mzere wofunika ndi wa "Registry Expiry Date". Dzina la mwini wake kawirikawiri limabisidwa, cotero kufufuzaku sikunena kuti mwini ndani. Mayeso eni eni ndi awa: mwini kampani akhale pa kompyuta yake, alowe yekha m'akaunti ya kumene dzina linagulidwa, ndi imelo imene iye amaiwerenga, popanda kuimbira mmisiri foni. Acite cimodzimodzi pa akaunti ya seva ndi pa WordPress, kumene ayenera kukhala ndi udindo wa "Administrator". Imelo yolembetsera dzina isakhale yothera ndi dzina lomwelo, pakuti likazima, uthenga wothandiza kulibweza sudzafika.

Kaamba ka ici malipiro a mmisiri ndi bwino kuwagawa patatu. M'citsanzo ca ku Chipata, K5,600 iperekedwa posaina, K5,600 masamba onse ataoneka, ndipo K2,800 yotsala idikira kufikira makiyi atatu aja atayesedwa ndi mwini kampani, ndiponso mmisiri atapereka pepala limodzi lochula ciri conse colipira caka ndi caka, mtengo wake wa caka caciwiri, ndalama imene cimalipiridwa nayo, ndi tsiku limene cimatha. Popeza dzina la kampaniyi lidzagulidwa kumapeto kwa Julaye, tsiku lake lothera lidzagwanso mu Julaye caka ciri conse, ndipo dzina la .com lingathe kulipiridwa zaka zingapo nthawi imodzi, kufikira khumi.